Kabokosi Komwe a Makiyi Anachonga

Batani lija ndinaliona Lachiwiri m'mawa, tiyi wanga asanazizire. Linali pakona ya sikirini, pansi pa mabatani anayi omwe ndakhala ndikuwaona kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo linalembedwa kuti "Mafayilo otsekedwa." Mayi wina anagogoda pawindo kufuna khadi la mwana wake, ndinadzuka kukamuthandiza, ndipo pomwe ndimabwerera n'kutsegulanso tsamba, batani linali litapita. Ndinangoti ndi misala ya kompyuta. Kompyuta yathu ili ndi misala yambiri, ndipo ine ndinasiya kalekale kuifunsa mafunso.

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya mafayilo pachipatala. Ndi kachipinda kopanda mphepo, ka matebulo awiri, kabati yachitsulo yosatsekeka bwino, ndi makina osindikizira omwe anafa chaka chatha koma palibe akufuna kuwaika m'manda. Chilichonse chomwe tasindikiza chimakatulukira ku ofesi ya a Matroni, kumapeto kwa khonde. Tebulo lina ndi langa. Linalo ndi la a Makiyi.

Dzinali anawapatsa ndi anamwino. Makiyi enieni a zitseko alibe, koma aliyense wolembedwa ntchito pachipatala amayamba wafika kwa iwo kuti amutsegulire akaunti ndi kumuika pa udindo wake mukompyuta. Namwino amamuika pa udindo wa anamwino, wa ku mankhwala pa udindo wa ku mankhwala. Udindo uliwonse uli ndi tsamba la timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse ndi chilolezo: aka kuona mankhwala, aka kulemba zotsatira za magazi, aka kusintha tsiku lobwera wodwala. Akachonga kabokosi, onse a udindo umenewo apata chilolezocho. Akachotsa, onse chawathawa. Udindo wa a Makiyi eni ake unali wa woyang'anira maudindo, ndipo pa udindo umenewo mabokosi onse okhudza odwala anali opanda kanthu. Amagawa zilolezo koma sankaloledwa kusuzumira m'fayilo ya munthu. Iwo ankanyadira zimenezi. Ankati, "Ine ndine mlonda wa pageti, kuchipinda sindilowa."

Anali munthu wofatsa, wa malaya osita bwino, wodziwa mayina a ana a aliyense. Ndikunena izi kuti musandiyese chitsiru.

Mwezi umodzi izi zisanachitike anapita kutchuthi kwa masabata awiri, ndipo anandiika pa udindo wawo kuti ndizitsegulira anthu atsopano maakaunti. Atabwerako anaiwala kundichotsa. Inenso sindinawakumbutse, poti ndani amabweza mpando wofewa asanauzidwe?

Tsono pali nkhani ya mng'ono wanga. Anathawa kubanja ali ndi pakati pa miyezi itatu, dzanja lili m'chikhakha, mwana wake wamkazi wa zaka zinayi ali kumsana. Mlamu wanga ndi makaniko, munthu woseka ndi aliyense pamsewu, koma kunyumba ankatseka chitseko kaye asanayambe kulankhula. Tinamupezera mng'ono wanga kachipinda kutali, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire. Odziwa malowo anali iye, mayi mwini nyumbayo ndi ine basi. Ngakhale amayi athu sitinawauze, chifukwa amayi athu amakhululuka msanga.

Tsiku lomwe anayamba sikelo pachipatala chathu, anaima ndi cholembera pa mzere wa komwe amakhala.

"Achemwali, ndingolemba zabodza," anatero.

"Ukadzayamba kudwala usiku, ambulansi idzakupeza kuti? Lemba zoona iwe. Fayilo yako tiitseka. Oitsegula ndi a Matroni ndi adokotala ako okha. Ngakhale ine sindingaione."

Analemba. Anajambulanso ndi kamapu, kuonetsa mpope ndi geti lobiriwira, ndipo zonsezo zinalowa mukompyuta. Ndinamuuza ndine kuti alembe.

Lachinayi, patapita masiku awiri chionereni batani lija, linali tsiku lake la sikelo, 11 koloko. Cha m'ma 10 ndinanyamula makadi kupita nawo ku chipinda cha amayi oyembekezera. Pakhonde pali windo loyang'ana kumsewu, ndipo ndinangoponyako maso mwachizolowezi. Tsidya la msewu, moyang'anizana ndi geti, panaima galimoto yoyera ya chitseko chimodzi chofiira. Mlamu wanga anakhala pa boneti, akusenda lalanje ndi chala, maso ali pageti.

Makadi ndinawaika pa benchi.

Ndinayesa kudzinamiza. Ndinati mwina wabwera kudzandivutitsa ine, monga anachitira kawiri konse miyezi yoyambirira. Koma nthawi zimenezo ankalowa mpaka pawindo langa n'kumakuwa. Lero anali phee, ngati munthu wodikira basi yomwe akudziwa nthawi yake. Zipatala zilipo zambiri. Masiku a sikelo aliponso ambiri. Wadziwa bwanji tsiku ndi ola?

Apo m'pamene batani la Lachiwiri linandibwerera m'mutu. Ndipo pambuyo pake panabwera china: galimoto ya a Makiyi imakonzedwa kugalaja ya mlamu wanga. Ndinawalozera ndine, zaka zinayi zapitazo, nthawi yomwe ndinkanyadira kuti ndili ndi mlamu wodziwa injini.

Ndinalowa m'chimbudzi n'kuimba foni.

"Uli pati?"

"M'basi, achemwali. Tatsala pang'ono. Bwanji mukupuma choncho?"

"Tsika pomwe ulipo. Usafike kuno. Ali pageti."

Ndinkangomva injini ndi wina akuitanira anthu.

"Tsika, lowa musitolo yomwe muli anthu ambiri, ukhale momwemo. Mwana ali kuti?"

"Ndamusiya ndi amayi a nyumba." Mawu ake anasanduka aang'ono. "Achemwali, kunyumbako akukudziwa?"

"Sindikudziwa. Aimbire amayiwo atuluke naye."

Patapita mphindi ziwiri anandiimbiranso akulira. Foni ya mayi aja inkangoitana. Masana oterowo amaisiya m'nyumba iwo ali panja kuchapa. Ndinayang'ananso pawindo: mlamu anali pomwepo. Koma 11 koloko ikakwana, mkazi wake osaoneka, akanakhalabe pa boneti? Ngati anali ndi kamapu kaja, pa galimoto ndi ulendo wa theka la ola.

Ndinathamangira kwa a Matroni. Ndinawapeza akusaina mapepala, magalasi ali pamphuno. Ndinalongosola mosokonekera, batani, galimoto, galaja, zonse pamodzi.

"Khalani pansi kaye, mayi," anatero. "Mukuti a Makiyi? A Makiyi omwewa?" Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lomwe timasindikiza mwezi uliwonse, loonetsa udindo uliwonse ndi zilolezo zake. La mwezi uno linatuluka dzulo lake. "Onani. Woyang'anira maudindo, mafayilo otsekedwa, palibe. Ndasaina ndekha."

"Pepalalo limaonetsa za tsiku lomwe lasindikizidwa, amayi. Ngati munthu wachonga Lachiwiri n'kuchotsa Lachiwiri lomwelo, silingaonetse."

"Kodi munthu angadzichongere yekha?"

Funso limenelo ndinali ndisanadzifunsepo. Masabata awiri aja ndinkasintha maudindo a ena, wanga sindinaukhudze n'komwe.

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Ndiye mwaona. Mwamunayo ali pamsewu wa boma, sindingamuthamangitse. Ndiuza alonda asamulowetse. Koma galimoto ya chipatala ndi apolisi sindingazitumize kunyumba ya munthu chifukwa cha batani lomwe mwaliona nokha. Zoterezi amaona ndi a Zimitsani. Abwera Lolemba."

A Zimitsani ndi mayi wa makompyuta. Vuto lililonse ukawauza, yankho lawo loyamba ndi lakuti zimitsani muyatsenso. Iwo okha ndi amene ali ndi chilolezo choona mbiri ya zochitika, momwe kompyuta imalemba yokha aliyense amene wasintha kanthu kapena kutsegula fayilo, ndi nthawi yake. Sabata imeneyo anali kumaphunziro, foni yozimitsa. Ndinayesa katatu ndili pakhonde. Ndinawatukwana mumtima, Mulungu andikhululukire.

Nthawi inali 10:31 pomwe ndinabwerera mu ofesi. A Makiyi anali patebulo lawo, msana kwa ine, akulowetsa mayina a anamwino ophunzira omwe abwera mwezi wamawa.

"Mwachedwatu," anatero osatembenuka. "Tiyi wanu wagwera ntchentche."

"Kunali mzere," ndinayankha. Mawu anatuluka bwinobwino, ndipo ndinadabwa.

Ndinakhala pansi. Ndinatsegula tsamba la maudindo, n'kusankha wa woyang'anira maudindo. Pansi pake panali mayina awiri, lawo ndi langa. Ndinatsika ndi timabokosi tija mpaka ndinapeza kolembedwa kuti "Kuona mbiri ya zochitika." Ndinkayembekeza kuti kakhala kotuwa, kosakhudzika, kapena kompyuta indiuza kuti simungapereke chilolezo chomwe inuyo mulibe. Mumtima ndinkapemphera kuti ikane. Ikanakana, ndiye kuti a Makiyi ndi osalakwa, fayilo sinatsegulidwe, mwana ali bwino.

Ndinachonga. Ndinadina posunga. Kompyuta inangoti, "Zasungidwa."

Basi. Sinafunse kuti ndine yani, sinafunse ngati wina wavomereza. Inkangoona kuti munthuyu amaloledwa kusintha maudindo, osaona kuti udindo womwe akusinthawo ndi wake womwe. Zaka zonsezi chitseko chinali chongotsekedwa ndi ulemu.

Ndinatsegulanso tsamba loyamba, ndipo batani latsopano linali pakona. Ndinalowa, n'kusankha Lachiwiri. Mizere inali yambirimbiri, koma nditalemba dzina la akaunti yawo inatsala yochepa.

9:52, asintha udindo wa woyang'anira maudindo, awonjezera kuona mafayilo otsekedwa.

9:54, atsegula fayilo. Nambala yake ndimaidziwa pamtima ngati tsiku langa lobadwa.

9:55, atsegula chithunzi chomwe chili m'fayiloyo.

10:03, asintha udindo, achotsa kuona mafayilo otsekedwa.

Chithunzicho chinali kamapu kaja. Mphindi khumi ndi imodzi, ine ndili pomwepa, ndikumwa tiyi kumbuyo kwawo.

Ndinadina posindikiza. Ndipo chala chisanachoke, ndinazindikira chomwe ndinaiwala, chomwenso iwo anaiwala Lachiwiri. Udindowo unali wa anthu awiri. Chomwe ndadzipatsa ine, ndawapatsanso iwo.

Kulemba kwawo kunali kutasiya. Sindikudziwa kuti kunasiya liti. M'chipindamo munkangomveka wotchi ya pakhoma ndi mwana wina akulira kutali ku katemera. Ndinaona pamwamba pa phewa lawo kuti abwerera patsamba loyamba, ndipo batani lachilendo lija linali pakona ya sikirini yawo ngati mmene linalili pa yanga.

"Mayi," anatero mofatsa, osatembenuka. "Kodi mukadali pa udindo wanga?"

Maso anga anali pa sikirini yanga.

Anadina kawiri katatu, mosafulumira. Nditakhudza sikirini yanga, tsamba linasintha n'kundiuza kuti mulibe chilolezo choona zimenezi. Anali atandichotsa. Kenako anakankhira mpando kumbuyo, anaimirira, anakatseka chitseko n'kuchitsamira. Chitseko chathu sichitsekedwa masana. Ndinali ndisanaonepo kuti ndi munthu wamtali chonchija.

"Mwaona chiyani?"

"Ndikufuna kutuluka, bambo."

"Mutuluka. Tiyeni tikambirane kaye ngati anthu akuluakulu." Ankalankhula ndi mawu omwe aja ofunsira za ana a anthu. "Mwamuna uja wakhala akulira pamaso panga miyezi isanu. Munthu wamkulu, misozi chuchuchu mugalaja. Akungofuna aone mwana wake, apepese kwa mkazi wake. Inu simunakwatiwe, simungamvetse. Banja silitha chifukwa cha kukangana."

"Anamuthyola dzanja."

"Wandiuza. Akudziwa kuti analakwa. Ine sindinabe kanthu, sindinasinthe kanthu m'fayilo. Ndinangoyang'ana."

"Mapu munamupatsa?"

Anayang'ana pansi, n'kuchotsa kaulusi pa malaya.

Apo ndiye mantha anandigwira zenizeni, osati a ine ndekha ayi. Ndinaona mwana uja akusewera pafupi ndi mpope, geti lobiriwira lili lotsegula, akumva hutala n'kuthamangira chifukwa ndi adadi. Wotchi inkati 10:44.

"Ndipo muganize bwino," anapitiriza. "Zomwe mwachita inu lero ndi zomwe ndinachita ine. M'mbirimo mwalowanso dzina lanu. Mukandinenera, tituluka pageti tonse awiri. Muli ndi zaka zingati? Ntchito ina mukaipeza kuti? Tingochotsa kabokosiko, a Zimitsani sawerenga zimenezija, palibe amawerenga. Ine ndimuimbira mwamunayo, ndimuuza apite kwawo. Nkhani yatha."

Ndisaname, ndinaganizadi. Kwa kanthawi kochepa ndinaona njira imeneyo ili yosalala. Koma foni yoti apite kwawo sikanachotsa mapu m'thumba mwake.

"Ndasindikiza kale," ndinatero.

Anayang'ana makina akufa aja pakona. Kenako nkhope yawo inasintha, atakumbukira komwe mapepala athu amatulukira. Anatembenuka kuti atsegule, koma chogwirira chinatsika chokha kuchokera kunja, ndipo chitseko chinawagunda paphewa.

A Matroni anaima pakhomo, pepala lili m'manja, magalasi ali m'malo mwake. Sanakuwe. Anayang'ana a Makiyi nthawi yaitali.

"Bambo, ikani foni yanu patebulo, muchoke pafupi ndi kompyuta. Mukakhale mu ofesi mwanga, alonda akubwera." Kenako anandiyang'ana ine. "Pepalali mwalipeza bwanji, tikambirana. Panopa thamangani, dalaivala waliza kale galimoto kugeti la kumbuyo. Apolisi ndawaimbira."

Sindikumbuka bwino za m'njira. Ndikukumbuka kuti tinatulukira kumbuyo kuti mlamu asatione, kuti ndinkamuuza dalaivala njira mokuwa ngati ndi wogontha, ndiponso kuti tili pakati pa ulendo mlonda anaimba kunena kuti galimoto yoyera ija yachoka pageti. Inali 11:10. Dalaivala anangoponda.

Mwana tinamupeza atakhala m'beseni lopanda madzi, akuyendetsa ngati galimoto. Mayi a nyumba anali ndi thovu mpaka m'zigongono. Ndinamunyamula mwanayo opanda nsapato, mayiwo akufunsa kuti kwagwanji, ine n'kumangoti tsekani geti, musatsegulire munthu, apolisi akubwera. Tikukhota pa mpope kulowa mumsewu waukulu, galimoto yoyera ya chitseko chofiira inatidutsa ikulowa. Ndinamugoneka mwana pamiyendo panga n'kumuphimba ndi thupi langa. Iye ankaseka, ankayesa masewera.

Mng'ono wanga tinakamutenga musitolo ya nsalu, atakhala pa kampando komwe mwini sitolo anamubwereka. Kuchipinda kuja sanabwererekonso. Zovala za khanda zomwe ankasoka madzulo, beseni latsopano, zonse zinatsala komweko, ndipo mayi a nyumba anadzatiuza kuti mlamu anathyola chitseko apolisi asanafike. Anamugwira, anagona m'chitokosi masiku awiri, anatuluka.

Lolemba a Zimitsani anabwera. Ulendo uno sanati zimitsani. Anakhala tsiku lonse ndi anthu omwe anatigulitsa pulogalamu ya mukompyutayo, ndipo pofika Lachisanu zinali zitasintha: munthu sangasinthenso udindo womwe iye mwini alipo, sangapereke chilolezo chomwe alibe popanda wachiwiri kuvomereza, ndipo fayilo yotsekedwa ikatsegulidwa uthenga umapita kwa a Matroni nthawi yomweyo. Atafufuza m'mbuyo anapeza kuti a Makiyi anachitapo zomwezo kanayi m'zaka ziwiri, pa mafayilo a anthu ena. Eni akewo sindikuwadziwa, ndipo ndimayesetsa kusawaganizira.

A Makiyi anachotsedwa ntchito. Pa ine sananame: dzina langa linalimo, 10:33, ndasintha udindo, ndawonjezera chilolezo. Anandiimitsa mwezi umodzi n'kundipatsa kalata ya chenjezo. A Matroni pondipatsa kalatayo anandigwira dzanja nthawi yaitali, koma anandipatsabe. Sindinadandaule. Kabokosiko ndinachongadi.

Mng'ono wanga anamutenga anthu othandiza amayi othawa nkhanza. Tsiku lonyamuka, tili m'kachipinda kena pachipatala, anatenga kapepala kuti andilembere komwe akupita.

"Usalembe," ndinatero.

"Achemwali, inuyo?"

"Ineyo. Usandiuze, usalembe paliponse pomwe sukukakamizidwa. Ukafuna udziimba ndiwe."

Anandiyang'ana, n'kubweza cholembera m'chikwama. Za tsiku lija lomwe ndinamuuza kuti alembe zoona sanazitchulepo, mpaka lero.

Anachira mwezi wotsatira. Anaimba pa nambala yobisika, n'kuika foni pafupi ndi khanda kuti ndimve likulira. Ndi mwamuna, akuti ali ndi mphuno yanga, tsoka lake. Pano ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, wayamba kukhala pansi, ndipo amayi athu amandifunsa sabata iliyonse kuti mdzukulu wawo ali kuti. Ndimawauza zoona, kuti sindikudziwa. Sindinamunyamulepo.